Tsiku limene amalume anati chithunzi changa mwana akhoza kujambula

Ndimaphunzitsa ana kujambula pa sukulu ina kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia, ndipo ndikaweruka ndimajambulanso zanga m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Zambiri mwa zimene ndimajambula sizionetsa munthu, nyama kapena nyumba. Pamakhala mitundu, mizere ndi mabala a utoto basi, zimene mabuku athu a Chipwitikizi amazitchula kuti abisitirata. Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha aphunzitsi anzanga ndi achinyamata amene amajambula zotere, amene amasowa choyankha munthu wamkulu akawauza kuti zimenezi ngakhale mwana akhoza kupanga. Ine mawu amenewo ndinawamva kuchokera kwa amalume anga enieni, ndipo yankho langa loyamba linali lolakwika.

Chithunzi chimene chinayambitsa nkhaniyo chinachokera pa zimene ndinaona mu Okutobala, ndili pa njinga yamoto panjira ya ku Domwe. Tchire linali litangopsa kumene, nthaka ili bii, koma m'malo ena katondo ankaonekera pansi pa phulusa, ndipo pafupi ndi dambo msipu unali utayamba kale kutuluka. Chimene chinandigwira mtima sichinali mitengo kapena phiri, koma mmene kamsipu kochepako kanaonekera pakati pa mdima wonsewo. Ndinajambula pa thabwa la masentimita 90 m'lifupi ndi 120 m'litali, ndipo ntchitoyo inanditengera milungu itatu. Amalume atabwera kudzationa kuchokera ku Tsangano, anaima patsogolo pa chithunzicho kamphindi kochepa, kenako anati: “Muphwa wanga, kodi ukunena kuti unapita kusukulu kuti udzachite zimenezi? Kamdzukulu kanga aka, ukakapatsa penti, sikangapange zomwezi?”

Ndinapsa mtima, ngakhale kuti sindinaonetse, ndipo ndinayamba kuwauza za ndalama. Ndinati dziko la Australia linagula chithunzi cha Jackson Pollock, wojambula wa ku America, mu 1973 pa mtengo wa madola a kumeneko 1.3 miliyoni, chithunzi chimene anthu ambiri ankanenanso kuti ndi utoto wongodonthezera. Amalume anangogwedeza mutu n'kunena kuti kukwera mtengo kwa mbuzi pamsika sikutanthauza kuti mbuziyo ndi yonenepa, mwina wogulayo ndiye sadziwa mbuzi. Ananena zoona. Mtengo suonetsa kalikonse pa funso limene iwo anafunsa, ndipo munthu wokayikira ukamuyankha ndi mitengo ndi mayina a anthu otchuka, amangoona ngati ukumuuza kuti akhale chete chifukwa olemera anavomereza kale. Usiku umenewo ndinazindikira kuti funso lawo linali funso labwino, loyenera kuliyesa ndi manja m'malo molitsutsa ndi pakamwa.

M'mawa mwake ndinayala mkeka pakhonde ndi kuikapo makatoni atatu ofanana, amene ndinali nditawapaka kale penti woyera. Ndinaika timbale tinayi ta utoto wa madzi, wofiira, wachikasu, wabuluu ndi wakuda, ndi maburashi atatu. Katoni imodzi ndinapatsa mwana wa mlongo wanga, yemwe panthawiyo anali ndi zaka zisanu, ina ndinapatsa amalume, ina inali yanga. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti pasaoneke chinthu chimene munthu angachitchule dzina. Amalume anavomera moseka, poganiza kuti ndi masewera a mphindi zisanu.

Mwanayo sanazengereze. Anayambira pakati penipeni pa katoni, kuzunguza mkono wonse kuchokera paphewa, ndipo anasintha mtundu popanda kutsuka burashi kapena kudikira kuti woyambawo uume. Patapita mphindi zochepa, pakatipo panali patasanduka matope, chifukwa utoto wofiira, wachikasu ndi wabuluu ukasakanikirana uli wauwisi umatulutsa mtundu wa dothi lonyowa. M'makona onse anayi munalibe kanthu. Analeka pamene anamva anzake akumuitana kunja, osati chifukwa chakuti chithunzicho chinali chitatha. Komabe ndiyenera kunena kuti pa mbali ina ya katoni yake panali mzere umodzi wofiira wokongola kwambiri, wolembedwa mopanda mantha, umene ine ndinaukhumbira.

Amalume ndiwo anavutika. Anagwira burashi nthawi yaitali osakhudza katoni, ndipo atalemba mzere woyamba wopingasa, anaona okha kuti wasanduka malire a dziko ndi thambo. Atajambula kozungulira pamwamba pake, kanasanduka dzuwa. Anafuna kukonza poikapo timadontho tiwiri, n'kupezeka kuti yasanduka nkhope. Pomaliza anagawa katoniyo m'zigawo zinayi zofanana, chigawo chilichonse mtundu wake, ndipo iwo eni anati ikuoneka ngati mbendera ya timu ya mpira. Apa ndi pamene tinayamba kukambirana moona mtima, chifukwa anali atakumana ndi vuto lenileni la ntchito imeneyi. Ukajambula ng'ombe, ng'ombeyo imakuuza pamene mwendo uyenera kukhala, ndipo woonayo amakukhululukira zolakwa zambiri malinga waizindikira kuti ndi ng'ombe. Ukachotsa ng'ombeyo, palibenso chokuuza kapena chokubisa. Kukula kwa banga lililonse, malo ake, mtundu woyandikana nalo ndi nthawi yolekera, zonse uyenera kusankha wekha.

Tinalowanso m'kachipinda kuja kuti aonenso chithunzi changa, ndipo ndinawapempha kuti nthawi ino asandifunse kuti ndi chiyani, koma aone mmene chinapangidwira. Ndinawaimika pafupi kwambiri, mphuno kutsala pang'ono kukhudza thabwa, ndi kuwafunsa kuti utoto umene unayamba kupakidwa ndi uti. Anayang'ana m'mphepete mwa chakudacho ndipo anaona kuti pansi pake pakutuluka kufiira. Ndinawafotokozera kuti poyamba ndinapaka thabwa lonse ndi katondo wosefa bwino, wosakaniza ndi guluu wa matabwa ndi madzi pang'ono, ndipo ndinadikira tsiku lathunthu kuti aume. Pamwamba pake ndinapaka wakuda wosungunula kwambiri, kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinapukuta malo ena ndi nsanza utotowo usanaume, kuti katondoyo azioneka ngati makala amene sanazime. Ndikanati ndipake wakuda katondoyo asanaume, ndikanapeza matope aja a mwana. Ndikanati ndipake wakuda wokhuthala kamodzi, ndikanapeza bolodi ya m'kalasi. Ndi maso awo anawerenga mipako itatu, umodzi pamwamba pa unzake, ndipo pa katoni ya mwana anapeza umodzi wokha.

Kenako ndinachita chinthu chimene ndimalangiza aliyense kuti ayese. Pansi chakumanja kwa chithunzicho pali banga lobiriwira, laling'ono ngati chikhato cha mwana. Ndinawaimika patali mamita atatu, ine n'kuphimba bangalo ndi pepala lakuda, n'kufunsa ngati china chasintha. Anati chithunzi chafa, ndiponso chikuoneka ngati chikugwera kumanzere. Nditachotsa pepalalo anati chadzuka. Ndinadula kapepala kobiriwira kofanana ndi bangalo n'kukaika pakati penipeni, ndipo anati tsopano diso likungokhala pamenepo ngati pa chandamale, silikuyendanso kwina. Nditaika pepala lobiriwira lalikulu kawiri, anati lachuluka, lalanda ulemu wa chakudacho. Mawu onsewa anali awo, si ine ndinawaphunzitsa. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense wogwira utoto: mtundu wobiriwira ndi wofiira ndi yotsutsana, ndipo ikayandikana uliwonse umaoneka wamphamvu kuposa mmene ulili pawokha, motero kobiriwira kochepa pa katondo kamakwanira kulemera mofanana ndi mdima waukulu wa mbali inayo. Malo a banga limenelo ndinawasintha katatu ndisanakhutire, ndipo zipsera za malo akalewo zikuonekabe munthu akayang'ana mopendeka kuwala kukuchokera pawindo.

Tinayesa zomwezo pa katoni ya mwana. Tinaphimba apa, tinaphimba apo, tinaizondotsa, koma sipanasinthe kanthu kwenikweni, kupatula pamene tinaphimba mzere wofiira uja. Kusiyana kumene ndinkalephera kufotokoza dzulo lake kunali kumeneku. Pa chithunzi chimene munthu wachilingalira, zigawo zimadalirana ngati mitengo ya denga, ukachotsa umodzi ina imapendama. Pa cha mwana pamatha kupezeka malo okongola, nthawi zina okongola kuposa a munthu wamkulu, koma amabwera mwangozi, sagwirizana ndi zina zonse, ndipo ukamupempha kuti mawa achitenso sangathe.

Amalume anali ndi funso lina limene ndikuganiza kuti limabisala kumbuyo kwa mawu onena za mwana aja. Anafunsa ngati anthu ojambula zoterezi sachita zimenezi chifukwa cholephera kujambula zinthu zenizeni. Apa ndi pamene mbiri inandithandiza, osati monga chida chowatsekera pakamwa koma monga chinthu choti aone. Ndinawaonetsa pa foni zithunzi zitatu za mitengo za Piet Mondrian wa ku Holland, amene anabadwa mu 1872 ndipo anakhala zaka zambiri akujambula minda, mitsinje ndi maluwa mmene zimaonekera. Pa choyamba, chimene anachijambula pakati pa 1908 ndi 1910, mtengo ndi wofiira koma aliyense akhoza kuuzindikira, thunthu ndi nthambi zonse zilipo. Pa chachiwiri, cha mu 1911, mitundu yachoka, kwatsala kotuwa, ndipo nthambi zasanduka mizere yokhota imene yayamba kufanana mphamvu ndi mipata ya pakati pake. Pa chachitatu, cha mu 1912, cha mtengo wa maapozi uli ndi maluwa, thunthu silikuonekanso bwino, kwatsala kayendedwe ka mizere kokha. Pofika zaka za m'ma 1920 anali atatsala ndi mizere yakuda yoongoka, yoimirira ndi yopingasa, ndi mitundu itatu ija, wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Amalume anabwereza zithunzizo kangapo ndi chala, kupita kutsogolo ndi kubwerera, ndipo anati munthuyu anali kupeta, kuchotsa gaga kuti aone chimene chitsale m'lichero. Sindinamvepo kufotokoza kwabwino koposa kumeneko.

Sindinawabisire kuti pa mawu awo aja panali choonadi china. Ojambula ambiri otere ankalemekeza zojambula za ana ndipo ankazifufuza dala. Wassily Kandinsky, wa ku Russia, amene anasiya ntchito ya zamalamulo ali ndi zaka 30 kuti aphunzire kujambula ku Munich, ankasonkhanitsa zojambula za ana. Mark Rothko, wa ku America, anaphunzitsa ana kujambula ku Brooklyn kwa zaka zoposa 20. Chimene ankafuna kwa ana ndi kupanda mantha kuja kumene ndinaona pa mzere wofiira, kumene munthu wamkulu amataya akangoyamba kuopa kulakwa. Choncho munthu akanena kuti chithunzi chikufanana ndi cha mwana, nthawi zina waona bwino, kungoti waona theka. Theka linalo ndi lakuti Rothko yemweyo ankapaka utoto wopyapyala kwambiri kambirimbiri, wina pamwamba pa unzake, pa nsalu zazitali kuposa munthu, mpaka mtunduwo uzioneka ngati ukuwala kuchokera mkati, ntchito imene imafuna kuleza mtima kumene mwana wa zaka zisanu alibe.

Funso la amalume linayesedwapo ngakhale ndi akatswiri a maphunziro. Mu 2011 ofufuza awiri a ku Boston College, Angelina Hawley-Dolan ndi Ellen Winner, anaonetsa ophunzira zithunzi ziwiriziwiri, magulu 30, china cha katswiri wodziwika ndi china chofanana nacho chojambulidwa ndi mwana kapena nyama monga anyani ndi njovu. Ngakhale ophunzira amene sankaphunzira zojambula anasankha cha katswiri kuti ndicho chabwino pafupifupi kawiri pa maulendo atatu aliwonse. Ine ndimakonda chiwerengero chimenechi chifukwa chimanena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chikuonetsa kuti kusiyana kulipo ndipo diso la munthu wamba limakuona, koma chikuonetsanso kuti kamodzi pa katatu anthu ankasokonezeka, ndiye kuti wokayikirayo si wopusa. Ndiponso ziripo ndithu zojambula za anthu akuluakulu zimene ndi zaulesi, zongothira utoto kuti zigulidwe msanga, ndipo kuyesa kophimba ndi pepala kuja kumazivumbula mofanana ndi mmene kunavumbulira katoni ya mwana. Sindiona chifukwa chotetezera chithunzi chilichonse chifukwa chongoti sichionetsa chinthu.

Chimene chinatsala chinali maganizo akuti zonsezi ndi za Azungu, zosatikhudza ife. Apa ndinangowakumbutsa zimene amaziona tsiku ndi tsiku. Mayi akamasankha kapulana, ndiko kuti chitenje, pamsika, amakana ina n'kunena kuti mitundu yake ikukangana, n'kutenga ina kuti iyi yakhala, ndipo palibe amene amamufunsa kuti mizere imeneyo ikuimira nyama yanji. Oluka malichero ndi oumba mbiya amadziwa pamene mzere uyenera kubwerezedwa ndi pamene uyenera kuduka. Amalume eni akewo anali oimba ng'oma pa unyamata wawo, ndipo ndinawafunsa ngati mwana sangathe kumenya ng'oma. Anati akhoza kuimenya ndipo ilira, koma palibe angavine. Ng'oma sitchula mawu, siifanizira kulira kwa ng'ombe kapena kwa mbalame, koma aliyense pabwalo amadziwa woimba akaphonya. Kungodutsa malire kupita ku Dedza, m'mapanga a ku Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zojambula zofiira zakale kwambiri za mizere, timadontho ndi zozungulirazungulira, zimene anthu amati zinajambulidwa ndi Akafula. Ndipo mwa ojambula a dziko lathu lino la Mozambique, Bertina Lopes, amene anabadwira mu mzinda umene lero ndi Maputo mu 1924 ndi kukhala zaka zambiri ku Roma, anayamba ndi zithunzi za anthu, kenako anafika pojambula mitundu ndi mizere yokhayokha. Sindikunena kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi, pakuti za m'mapanga zinali ndi ntchito yake pa miyambo ya eni ake. Ndikungonena kuti diso lotha kuweruza mzere ndi mtundu popanda kufunsa dzina la chinthu tili nalo kale kuno, sitichita kubwereka.

Kuchokera tsiku limenelo ndasintha mmene ndimachitira makolo akabwera kudzaona ntchito za ana ndi zanga kumapeto kwa chaka. Wina akanena mawu aja, sinditsutsa ndipo sinditchula dzina la katswiri aliyense poyamba. Ndimamupempha kuti aime patsogolo pa chithunzi chimodzi chokha kwa mphindi ziwiri zathunthu, zimene zimaoneka zazitali kwa munthu wozolowera kungodutsa, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndimamufunsa pamene diso lake layambira ndi kumene lapita pambuyo pake, kenako ndimamupatsa pepala kuti aphimbe malo amene akufuna. Pali zinthu ziwiri zimene zimalepheretsa njira imeneyi, ndipo zonse ndinazionapo. Choyamba ndi kuyesa pa foni, pamene chithunzi cha mamita asanu chimasanduka chaching'ono ngati bokosi la machesi, mipako yonse n'kusowa. Foni imathandiza poonetsa mndandanda ngati wa mitengo ija, koma pofuna kuona kapakidwe pamafunika chithunzi chenicheni, ngakhale chikhale cha wojambula wa m'mudzi momwemo. Chachiwiri ndi kumuuza munthu zimene ayenera kumva mumtima. Tsiku lina ndinauza bambo wina kuti chithunzi changa chija chikunena za chiyembekezo pambuyo pa moto, ndipo kuyambira pamenepo analeka kuyang'ana, n'kuyamba kufunafuna moto ndi udzu, mpaka anakhumudwa kuti sindinazijambule bwino.

Amalume sanachoke atachikonda chithunzi changa, ndipo sindinayembekezere zimenezo. Anati m'nyumba mwawo angakondebe chithunzi cha ng'ombe zawo. Koma akutsanzika, atanyamula kale chikwama, anabwereranso m'kachipindamo n'kuloza pamwamba chakumanzere, n'kunena kuti: “Muphwa, apa pokha chakudachi wachipaka mouma, sichikupuma ngati kwinaku.” Ndinayang'ana ndipo ndinaona kuti ndi malo amene ndinachedwa kupukuta ndi nsanza, utoto n'kuuma usanaonetse katondo wa pansi. Ndinali nditapaona kale koma ndinkadziuza kuti palibe adzazindikire. Madzulo a tsiku lomwelo ndinatenga sandipepala wosalala n'kupala malowo pang'onopang'ono mpaka kufiira kunayamba kutuluka, ndipo ndinawatumizira chithunzi chake pa foni iwo asanafike n'komwe ku Tsangano.